Mmene munthu angapemphere kampani zonse zimene idasunga pa zokambirana zawo

Malonda ambiri a alimi a m'maboma a Angonia, Tsangano, Makanga ndi Chifunde masiku ano amapangidwira pa foni. Mtengo wa soya kapena mbatatesi umagwirizanidwa pa WhatsApp, ngongole ya feteleza imatsimikizidwa ndi uthenga wa SMS, ndipo dandaulo limaperekedwa poimbira nambala yothandizira makasitomala. Mkangano ukabuka, kampani imatsegula kompyuta ndi kuwerenga zimene idalemba, pamene mlimi amangodalira zimene akukumbukira.

Malamulo a dziko la Mozambiki amalola munthu kupempha kuti aone zimene kampani idasunga zokhudza iye. Koma pempholi limathandiza pokhapokha likafika ku kampani imene ili ndi mawuwo, ndipo kawirikawiri imeneyo si imene anthu amayamba kuiganizira.

Zokambirana zimasungidwa kuti

Munthu akakambirana ndi kampani pa foni, pamakhala malo atatu osiyana amene amatsala ndi kanthu.

Malo oyamba ndi foni ya mwini wake. Mauthenga a WhatsApp ndi a SMS, zithunzi za malisiti ndi mawu ojambulidwa zimakhala mmenemo mpaka atazifufuta kapena foniyo itawonongeka.

Malo achiwiri ndi kampani imene adalankhula nayo, monga yogula mbewu, yobwereketsa zipangizo za ulimi, banki kapena yosunga ndalama za pa foni. Uthenga uliwonse umene mlimi adatumiza udafika pa foni kapena pa kompyuta ya kampaniyo. Ngati adaimbira nambala ya makasitomala ndipo adamva mawu ochenjeza kuti zokambiranazo zitha kujambulidwa, ndiye kuti mawu ake angakhale akusungidwa kumeneko. Wogwira ntchito amene adayankha foniyo nayenso amalemba mwachidule zimene adamva, ndi kupereka nambala ya dandaulo.

Malo achitatu ndi kampani imene idangonyamula uthengawo, monga Vodacom, Movitel, Tmcel kapena WhatsApp. Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Kampani ya foni imalemba nambala imene idaimbiridwa, tsiku, ola ndi mphindi zimene anthu adalankhula, chifukwa ndi mmene imawerengera ndalama zodula pa kiredito. Mndandanda umenewu umasonyeza kuti anthu adaimbirana, koma susonyeza zimene adauzana.

Choncho wofuna mawu enieni amene adanenedwa ayenera kuyang'ana malo awiri oyambawo. Malo achitatu amangothandiza kutsimikiza tsiku ndi nthawi.

Zimene malamulo akunena

Maziko a ufuluwu ali mu ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambiki, imene imakamba za kusunga mbiri za anthu m'makompyuta. Gawo lachinayi la ndimeyi limapatsa munthu aliyense ufulu woona zimene zidasonkhanitsidwa zokhudza iye, komanso woti zikonzedwe ngati zili zolakwika. Ufulu wokonzetsawu ndi wofunika kwambiri kwa mlimi amene walembedwa ngongole yoposa imene adatenga.

Gawo lachitatu la ndime yomweyo limaika malire. Limaletsa kuona zimene zidasungidwa zokhudza munthu wina, kupatula pamene lamulo kapena khoti lalola. Ndime 68 imatetezanso makalata ndi njira zina zimene anthu amalankhulirana mwamseri. Tanthauzo lake nlakuti mwamuna sangapemphe mndandanda wa mafoni a mkazi wake, ndipo mtsogoleri wa gulu la alimi sangapemphe mauthenga a membala wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake.

Palinso lamulo nambala 3/2017 la pa 9 Januwale, loona za malonda ndi ntchito zochitika kudzera m'makina. Lili ndi gawo lopatsa makampani udindo wosamala mbiri za anthu zimene akusunga, ndipo bungwe la INTIC ndilo limayang'anira lamuloli. Makampani a mafoni amayang'aniridwa ndi bungwe la INCM.

Ndime 71 sitchula masiku amene kampani iyenera kuyankhira. Nchifukwa chake wopempha amayenera kuika yekha tsiku m'kalata yake, ndi kusunga umboni wa tsiku limene adaipereka.

Zimene WhatsApp imapereka ndi zimene sipereka

WhatsApp, imene mwini wake ndi kampani ya Meta, ili ndi njira yopemphera lipoti kuchokera m'foni momwemo. Pa foni ya Chipwitikizi ndi ya Chingerezi njirayo imaoneka motere, ngakhale mawu ena amasiyanako pang'ono malinga ndi mtundu wa foni:

```
Configurações > Conta > Solicitar dados da conta
Settings > Account > Request account info
```

Lipotilo limatenga masiku pafupifupi 3. Likakonzeka, WhatsApp imadziwitsa mwini wake, ndipo amakhala ndi masabata ochepa oti alitsitse lisanachotsedwe. Akasintha nambala kapena kulembetsanso akaunti yake podikira, pempholo limafa ndipo ayenera kuyambiranso. Lipotilo limabwera m'fayilo ya ZIP, ndipo muli zinthu monga chithunzi cha mwini akaunti, mayina a magulu amene alimo ndi mmene adatcherera akaunti yake.

Mauthenga mulibe. Chifukwa chake nchakuti uthenga wa WhatsApp umatsekedwa pochoka m'foni ya wotumiza, ndipo umatsekuka ukafika kwa wolandira basi. Kampaniyo ilibe kiyi wake. Uthenga ukalephera kufika chifukwa foni ya wolandira ndi yozima kapena kulibe netiweki, umadikira uli wotsekedwa mpaka masiku 30, kenako umafufutidwa. Ndiye mlimi amene foni yake yagwera m'madzi sangayembekezere kuti lipotili limubwezera zimene adakambirana ndi wogula mbewu.

Njira yotengera mauthenga enieni ndi ina, ndipo imatheka pokhapokha foni ikadali ndi mauthengawo. Munthu amatsegula zokambirana zimene akufuna, kukhudza timadontho titatu tapamwamba, ndi kusankha:

```
Mais > Exportar conversa
More > Export chat
```

Foni imafunsa ngati atenge mawu olembedwa okha kapena pamodzi ndi zithunzi ndi mawu ojambulidwa. Mawu okha amakwana mpaka mauthenga 40,000 omalizira, pamene pamodzi ndi zithunzi amakwana mpaka 10,000. Alimi ambiri amakambirana mitengo pojambula mawu m'malo molemba, choncho kusankha mawu olembedwa okha nkutaya umboni weniweni. Pamalo pamene padali mawu ojambulidwa pamangotsala chizindikiro ichi:

```
<Mídia oculta>
<Media omitted>
```

Kutenga zonse kumadya mamega ambiri, koma ndiko kothandiza. Fayiloyo itumizidwe ku imelo kapena ku foni ya wachibale wodalirika, kuti isakhale malo amodzi okha. Mauthenga olembedwa amatuluka m'fayilo ya `.txt`, imene aliyense angathe kusintha, ndipo wotsutsa angathe kunena kuti mawu ena adawonjezeredwa. Nchifukwa chake mauthenga a m'foni asafufutidwe ngakhale fayilo yatengedwa. Ndi bwinonso kuona ngati wogula sadatchere zoti mauthenga azizimiririka okha, chifukwa amatha kuchoka pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90.

Kalata yopita ku kampani

Foni ikatayika, kapena zokambiranazo zikakhala kuti zidachitika poimbirana, chotsala ndi kulembera kampani imene munthu adalankhula nayo. Kupempha pakamwa pa loja sikusiya umboni uliwonse. Kalata ilembedwe m'Chipwitikizi, chimene ndi chilankhulo cha ntchito za m'maofesi, ndipo amene sachidziwa bwino angathe kupempha mphunzitsi kapena mlembi wa gulu la alimi kuti amulembere, iye nkusainira yekha.

Kalatayo iyambe ndi dzina lonse la wopempha monga lilili pa chiphaso chake, mudzi ndi boma, nambala ya foni imene adagwiritsa ntchito pokambirana, ndi nambala ya mgwirizano kapena ya kasitomala ngati ilipo. Ngati adagwiritsa ntchito manambala awiri, onse alembedwe, chifukwa kampani imafufuza potengera nambala.

Kenako itchule nthawi imene akufuna, kuyambira tsiku lakuti mpaka tsiku lakuti. Kalata yongoti "zonse zokhudza ine" imapatsa kampani mpata wotumiza pepala limodzi la dzina ndi adiresi nkunena kuti yayankha. Choncho zinthu zitchulidwe chimodzichimodzi: mauthenga a WhatsApp pamodzi ndi mawu ojambulidwa ndi zithunzi, mauthenga a SMS, mawu amene adajambulidwa poimbira nambala ya makasitomala, zimene ogwira ntchito adalemba pa dandaulo lililonse, ndi manambala a madandaulowo. Afunsenso ngati zina mwa izi zidaperekedwa ku kampani ina, monga yotolera ngongole.

Pali ziganizo ziwiri zimene siziyenera kusowa. Choyamba nchopempha kuti kampani isafufute kalikonse ka zimenezi mpaka itayankha. Mawu ojambulidwa sasungidwa mpaka kalekale, ndipo kampani iliyonse ili ndi nthawi yake yowafufutira, choncho kalata yochedwa ingapeze atapita kale. Chachiwiri nchopempha kuti ngati pali chimene kampani ikukana kupereka kapena idafufuta kale, inene zimenezo molemba, pamodzi ndi chifukwa ndi tsiku.

Kalatayo imalize ndi kutchula ndime 71, tsiku limene wopempha akuyembekezera yankho, monga pakatha masiku 30, ndi kumene yankholo lipite. Pakhale makalata awiri ofanana. Imodzi itsale ku ofesi, inayo idindidwe, ilembedwe tsiku ndi dzina la wolandira, ndipo mwini wake abwerere nayo kunyumba.

Kampani ili ndi chifukwa chomveka chofunira chiphaso, popeza siyenera kupereka zokambirana za munthu kwa wina aliyense wobwera ndi nambala yake. Popereka fotokope ya chiphaso, ndi bwino kulembapo ndi cholembera ntchito yake ndi tsiku, kuti isakagwiritsidwe ntchito ina. Koma palibe kampani yoona imene imafuna pini ya ndalama za pa foni kapena manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS. Woimba foni nkunena kuti akukonza pempholo koma akufuna manambala amenewa ndi wakuba.

Chitsanzo cha ngongole ya feteleza

Tiyerekeze mlimi wa ku Domwe, m'boma la Angonia, amene adatenga feteleza pa ngongole ku kampani ina yogula soya. Iye akuti adatenga matumba 4 pa mtengo wa mametikali 2,500 thumba limodzi, kutanthauza mametikali 10,000. Pofika nthawi yogulitsa mu Meyi, kampani ikumudula mametikali 15,000, yomwe ndi ndalama ya matumba 6. Poyamba adalembetsadi matumba 6 kwa mlangizi wa kampaniyo pa WhatsApp, koma pa 14 Novembala adaimbira nambala ya makasitomala kuti achepetse, ndipo adatumiziranso mlangiziyo mawu ojambulidwa onena zomwezo. Foni yake idawonongeka ndi mvula mu Januwale.

Choyamba chimene angachite ndi kuyesa kubwezeretsa WhatsApp m'foni ina ndi nambala yomweyo. Ngati foni yakaleyo inkasunga mauthenga ku Google Drive, ndipo akukumbukira akaunti yake ya Google, mauthengawo angabwerere. Ngati sinkasunga, njira imeneyi yatsekeka, ndipo lipoti la WhatsApp silingamuthandize.

Chachiwiri ndi kupita ku loja ya kampani yake ya foni ku Ulongwe, atatenga chiphaso, kukapempha mndandanda wa mafoni amene adaimba mu Novembala. Mndandandawo ungasonyeze kuti pa 14 Novembala adaimbira nambala ya kampani ya soya ndipo adalankhula mphindi 6. Sukunena kuti adachepetsa matumba, koma kampaniyo singanenenso kuti sadaimbe.

Chachitatu ndi kalata yopita ku kampani ya soya, yopempha zonse za kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Meyi, yotchula tsiku la 14 Novembala mwapadera.

Yankho loyamba lingabwere lili pepala limodzi losonyeza matumba 6 ndi ngongole ya mametikali 15,000. Limeneli ndi pepala la ngongole, osati zokambirana. Mlimiyo alembenso kalata yachidule, atchule tsiku la kalata yoyamba, ndi kundandalika zimene zikusowa. Yankho lachiwiri lingabwere ndi mauthenga a WhatsApp osindikizidwa, koma pamzere wa pa 14 Novembala pali chizindikiro chija chosonyeza kuti mawu ojambulidwa adasiyidwa. Chizindikirocho chikutsimikiza kuti adatumizadi kanthu tsiku limenelo, ndipo ali ndi poyambira kupempha mawuwo, amene angakhale akadali m'foni ya mlangizi. Ngati kampani inena kuti mawu a pa nambala ya makasitomala idafufuta, apemphe zimene woyankha foniyo adalemba. Zolemba zoterezi kawirikawiri zimakhalitsa kuposa mawu ojambulidwa, ndipo mzere umodzi wonena kuti kasitomala wachepetsa kufika pa matumba 4 ndi wokwanira.

Akapeza umboni umenewu, pamodzi ndi pepala limene adasainira polandira feteleza, alembe kalata yachitatu yopempha kuti ngongole ikonzedwe potsata gawo lachinayi la ndime 71, ndi kuti mametikali 5,000 amene adadulidwa mowonjezera abwezedwe.

Kuzindikira yankho loperewera

Yankho likafika, wopempha alifananize ndi zimene ali nazo kale: manambala a madandaulo amene adalandira pa SMS, malisiti, ndi masiku amene akukumbukira. Nambala ya dandaulo imene ili m'foni mwake koma mulibe m'yankho ikusonyeza kuti kampani sidafufuze paliponse. Mauthenga amene akudumpha masabata angapo pa nthawi imene anthu ankalemberana kawirikawiri, kapena yankho la mlangizi lopanda funso limene ankayankha, zikusonyeza kuti pali zimene zachotsedwa.

Si chilichonse chosowa chimene chikutanthauza chinyengo. Kampani ingathe kubisa mayina ndi manambala a anthu ena opezeka m'zokambiranazo, makamaka ngati zidachitikira m'gulu la WhatsApp la alimi ambiri. Vuto lina nlakuti alangizi ambiri amagwiritsa ntchito mafoni awoawo, ndipo mlangizi akasiya ntchito amapita ndi mauthengawo. Wopempha akadziwa kuti mlangizi wake watsala pang'ono kuchoka, afulumize kalata.

Chopinga chofala kwambiri m'midzi ndi simukhadi yolembetsedwa m'dzina la munthu wina. Ambiri amagwiritsa ntchito nambala imene adalembetsa mchimwene, mwana kapena wogulitsa pamsika. Kwa kampani ya foni, mwini nambala ndi amene chiphaso chake chidalembedwa, ndipo ndi yekhayo amene ingamupatse mndandanda. Zikatere, mwini dzinayo apite nawo ku loja. Kwa kampani ya soya, mlimi asonyeze mgwirizano umene uli m'dzina lake ndi kufotokoza m'kalata kuti nambalayo ndi imene iye ankagwiritsa ntchito.

Kampani ikakhala chete, kapena ikakhala ya kunja

Tsiku limene lidaikidwa likadutsa popanda yankho, wopempha alembe kalata yokumbutsa, aphatikizepo fotokope ya kalata yodindidwa ija. Ngati ndi kampani ya foni, dandaulo lingapite ku INCM. Ngati nkhaniyo ikukhudza ndalama kapena ngongole, bungwe la IPAJ, limene limathandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, lingalangize za kupita ku khoti la m'boma. Kumeneko kalata yodindidwa imasonyeza kuti mlimi adapempha mwadongosolo ndipo kampani ndiyo sidayankhe.

Anthu a m'malire, monga a ku Zobwe ndi ku Kalomwe, ambiri ali ndi manambala a Airtel kapena TNM a ku Malawi, ndipo ena amagulitsa mbewu kwa makampani a kumeneko. Pempho lopita ku kampani ya ku Malawi limatsata malamulo a ku Malawi, osati ndime 71. Dzikolo lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2024, limene limapereka ufulu woona zimene kampani ikusunga, ndipo bungwe la MACRA ndilo limayang'anira. Kalata yotere ilembedwe m'Chingerezi kapena m'Chichewa ndi kukaperekedwa ku ofesi ya kampaniyo ku Malawi, monga ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza. Alimi a ku Chifunde amene amachita malonda ndi makampani a ku Zambia amatetezedwa ndi lamulo lofanana nalo la dzikolo la mu 2021.

Kaya kampani ndi ya mbali iti ya malire, zimene kalata iyenera kukhala nazo sizisintha: dzina, nambala imene idagwiritsidwa ntchito, masiku, mndandanda wa zinthu zofunidwa, pempho loti zisafufutidwe, ndi chidindo pa kalata yotsala ndi mwini wake. Ndipo nyengo ya malonda ikangotha, foni idakali yamoyo, mlimi atenge yekha zokambirana zake zonse ndi ogula, pamodzi ndi mawu ojambulidwa, ndi kuzisunga malo awiri.